Lipoti la msonkhano wa amisiri omanga ku Zomba

A wapampando ndi amisiri anzanga a kuno ku Mangochi, ndabwerako. Tsiku loyamba linathera pa malonje ndi nkhani ya zipewa ndi majombo, zomwe tonse tikuzidziwa. Chimene chandibwezera ndalama ya basi ndi phunziro la tsiku lachiwiri, losandutsa 1:2:4 wathu uja kukhala makilogalamu.

Muyezo umenewu ndi wa ndowa: imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za kwale, zonse pamodzi 7. Mukathira madzi, simenti ndi mchenga zimalowa m'mipata ya miyala ndipo mulu umaphwa. Ndiye kuti mupeze kiyubiki mita imodzi ya konkire, zouma zikhale pafupifupi 1.54. Gawani 1.54 ndi 7, mupeza 0.22, ndilo gawo la simenti. Kiyubiki mita ya simenti imalemera makilogalamu 1,440, choncho 0.22 ndi makilogalamu 317, matumba 6 ndi kenakake. Mchenga ndi 0.44, ndipo tikauwerengera makilogalamu 1,600 pa kiyubiki mita ukukwana 704. Kwale ndi 0.88, tikamuwerengera 1,500 akukwana 1,320. Amene mumauza mwini nyumba kuti matumba anayi akwanira, mwamva.

Koma 1,600 ndi 1,500 si malemba oyera. Mphunzitsi anadzaza ndowa ya malita 20 osatsendera, n'kusalaza pamwamba ndi thabwa, n'kuipachika pasikelo. Atachotsera kulemera kwa ndowayo panatsala makilogalamu 32, ndipo poti ndowa zotere 50 ndi kiyubiki mita imodzi, kuchulukitsa ndi 50 kukupereka 1,600. Anabwereza ndi mchenga wonyowa pang'ono. Ndowa yodzaza chimodzimodzi, sikelo inalephera kufika pa 27! Chinyezi chimafufumitsa mchenga, makamaka wosalala ngati wathu wa m'mbali mwa nyanjawu. Atathiramo madzi mpaka kumiza, tinauona ukutsika, ndowa n'kukhala yoperewera.

Apa ndinakumbukira silabu ija inatuluka zibowo m'mbali chaka chatha, imene ena mpaka lero amanena kuti ndinaba simenti. Thumba limodzi ndi malita 35, limafuna malita 70 a mchenga wouma, kapena kuti makilogalamu 112. Ife tinayeza wonyowa ndi wilibala mvula itagwa usiku, weniweni unalowa ngati 90 basi. Unachepa ndi mchenga. Amene anandinyoza pamaso pa mwini nyumba sanabwerebe kudzapepesa.

Msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse likhomeretse mabokosi oyezera. Ine ndinakweza dzanja mokakamizika, chifukwa bokosi nalo silidziwa kuti mchenga wanyowa. Kwa ife ndikuona kuti tiyambe ndi sikelo yopachika, ngati ya ogula chimanga ija, tiziyeza ndowa imodzi pa lole iliyonse ikatsitsa. Ndinapempha zimenezi mu Malichi, a msungichuma anati thumba lauma, koma ya mayunifolomu inapezeka.

Za alawansi, malisiti a basi ndi malo ogona ndapereka kwa a mlembi, ndipo yotsala ndabweza. Loweruka ndibwera ndi ndowa, wina abwereke sikelo.