Kankhani kachinsinsi ka mwezi uno katuluka

Mamembala nonse, kankhani kathu katsopano ka ophunzira chinenero amene angodutsa gawo loyamba la maphunziro katha kulembedwa. Mutu wake ndi "Kiyi Wasowa". Kali ndi mawu pafupifupi 600, m'zigawo zinayi, ndipo mawu achilendo ndi 15 okha, onse atanthauziridwa kumapeto.

Chiganizo chakuti "Ndani anatsegula chitseko?" chabwerezedwa kasanu, ndipo aliyense woganiziridwa amayankha kuti, "Ine sindinaone kanthu." Tachita dala. Wophunzira akamva mawu omwewo kachitatu, sawamasuliranso m'mutu, amayamba kutsatira nkhaniyo. Koma kachinayi woyankha akunena kuti, "Ine sindinaone kiyi wofiira," pomwe palibe amene anatchula mtundu wa kiyiyo. Apa mpamene wakuba akudziulula yekha.

Chonde musayambe ndi mndandanda wa matanthauzo. Ophunzira akaloweza mawu 15 asanawerenge, amatopa, ndipo ena amaona mawu akuti "wofiira" n'kuzindikira mathero nkhani isanayambe. Werengani nawo gawo limodzi mokweza, imani, afunseni amene akumuganizira ndi chifukwa chake. Akakakamira pa mawu, ayambe aganizira tanthauzo kuchokera m'chiganizomo, kenako ayang'ane kumapeto.

Ngati ophunzira akuyang'ana matanthauzo kopitirira katatu pa tsamba limodzi, nkhaniyi yawakulira. Abwerere ku ya mwezi watha.

Mukayesa m'kalasi, tiuzeni gawo limene ophunzira anagwidwa nalo kwambiri.