Usamvere mawu okha, yang'ana nkhope ya wonenedwayo

Mwana wanga wokondedwa,

Chibwerereni kwanu kuja mtima wanga sunakhazikike. Pa foni timangodulana mawu, iwe uli ndi ntchito, ana akukuitana, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Unandiuza kuti watopa ndi pakamwa pa ana ako, ndipo wakhazikitsa lamulo loti aliyense wotchula mnzake dzina lachipongwe alangidwe. Ndikumvetsa kutopa kwako. Koma masiku asanu amene ndinakhala nanu ndinaona zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo lamulo lakolo likuziika m'thumba limodzi.

Choyamba ndinachiona tsiku lomwe ndinafika. Mnyamata wako wamkulu, wa zaka 12 uja, anauza mlongo wake kuti, "Iwe Makutu, tasuntha, ukutchinga mphepo." Mtsikanayo sanachedwe. Anati, "Chimutu chakocho ndiye chatchinga dzuwa, tonse tili mumdima." Anaseka onse awiri, mnyamatayo mpaka kugwira pamimba, ndipo patangopita kanthawi anali atatsamirana akuwerenga buku limodzi. Iwe unatulukira ndi ukali, nkuwalanda bukulo. Anakuyang'ana modabwa, chifukwa kwa iwo panalibe mlandu.

Kumeneko sikudana ayi. Mawuwo ndi oipa ukawalemba papepala, koma tamvera mmene amanenedwera: liwu lokokomeza, nkhope yomwetulira, ndiponso bodza loonekeratu kuti ndi bodza, pakuti palibe mutu wotchinga dzuwa. Zimenezi zimauza winayo kuti ndi masewera. Chachikulu kuposa zonse nchakuti mtsikanayo amabweza, ndipo akabweza mchimwene wake amaseka, sakwiya. Aliyense amalandira, aliyense amaponya. Pochita zimenezi akuphunzira kuyankha msanga, kupirira kusekedwa pang'ono, ndi kuzindikira polekezera. Mwana amene wazolowera zotere kunyumba sagwa mphwayi mnzake wa kusukulu akamuseleula. Iwe ndi achimwene ako mpaka lero mukakumana mumayamba ndi "Kodi ukadali moyo, nkhalamba iwe?" ndipo ine ndikamva choncho ndimadziwa kuti muli pamtendere. Tsiku limene mudzapatsana moni waulemu ngati alendo, ndidzadziwa kuti pali nkhani.

Chachiwiri ndinachiona mmawa wa tsiku lachitatu, iwe uli kubafa. Wamng'ono uja, wa zaka 6, anatuluka atanyamula bulangete lake, akuyenda chammbali kuti asaonedwe. Mkulu wake anamuona, nkufuula kuti, "Mvula yagwanso usiku! Bwana Mtsinje adzuka!" Panali ana awiri oyandikana nawo nyumba amene anabwera kudzatengana nawo kusukulu, ndipo anaseka. Mtsikana wako nayenso anaseka. Kamwanako sikanalire. Kanamwetulira pang'ono, kakuyang'ana pansi, kenaka kanati motsitsa, "Siya." Mkulu wakeyo anabwereza dzinalo katatu, akuliimba ngati nyimbo. Madzulo ake anzake akusewera panja, iye anakhala pafupi ndi ine nthawi yonseyo, ndipo nditamufunsa anati sakufuna kusewera.

Ukayerekeza mawu okha, "Mtsinje" ndi dzina lofatsa kuposa "Chimutu". Nchifukwa chake ndikuti usaweruze ndi khutu. Apa nthabwalayo inagunda pa chinthu choona, chimene mwanayo amachita nacho manyazi ndipo sangathe kuchisintha mwa kufuna kwake. Inanenedwa pamaso pa anthu akunja. Iye analibe chobweza, pakuti wa zaka 6 angamunene chiyani wa zaka 12? Ndipo atati "siya", sanasiyidwe. Kumwetulira kuja kusakupusitse. Mwana amamwetulira choncho pofuna kuti zithe msanga.

Msinkhu nawonso uli ndi mbali yake. Mwana wamng'ono amatenga mawu monga momwe anenedwera. Nzeru yozindikira kuti munthu akunena china koma akutanthauza china imayamba kuphuka cha pa zaka 5 kapena 6, ndipo imatenga zaka zingapo kuti ikhwime. Kunyozana kosonyeza chikondi ana ambiri amakugwira bwino akamayandikira zaka 10 kapena kupitirira. Akuluakulu ako awiriwo afika kale pamenepo, wamng'onoyo sanafike. Akamva kuti ndi Mtsinje, mumtima mwake amangoti, "Ndine wonyansa, ndipo aliyense akudziwa."

Ndikuuze chifukwa chake zandikhudza chonchi. Ukukumbukira chibwibwi cha mlongo wako wotsiriza ali mwana. Inu akuluakulu munkamuyeserera akamavutika kutchula dzina lake, ndipo ine ndinkaseka nanu. Bambo ako akafuna kukudzudzulani ndinkati, "Asiyeni, ndi ana, chibale ndi fupa sichiwola." Iye ankasekanso, ndiye ndinkati zili bwino. Anafika posiya kuyankhula tikakhala pamodzi, ine nkumati ndi mwana wofatsa. Anadzandiuza ali ndi zaka 25 kuti chimene chinkamupweteka kwambiri sikunali kumuyeserera kwanu, koma kumva ine mayi ake ndikuseka. Ndinapepesa, anandikhululukira, koma zaka zimene anakhala chete zija sindingathe kumubwezera. Sindikulemba izi kuti ndikuimbe mlandu, iwe unali mwana. Wamkulu woyenera kuona ndinali ine.

Si nkhani ya m'nyumba mwathu mokha. Mu 2014 ofufuza a ku Britain anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics. Anafunsa ana pafupifupi 7,000 ali ndi zaka 12 ngati m'bale wawo amawazunza, kenaka anawatsatira mpaka zaka 18. Amene ankazunzidwa kangapo pa sabata anapezeka kuti mwayi wawo wodwala matenda a kukhumudwa kapena wodzivulaza okha unali pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo. Taona kuti nkhani ili pa kubwerezabwereza. Wovutitsidwa kusukulu amaweruka nkupuma, koma wovutitsidwa ndi m'bale wake amagona naye chipinda chimodzi.

Tsono uchite chiyani? Za Makutu ndi Chimutu zisiye. Ukamva akuponyerana, khala kaye chete, uwerenge mpaka 10 mumtima uku ukuwayang'ana. Ngati onse akuseka ndipo akusinthana, pitiriza ntchito yako. Ukamalowerera pa chilichonse, amasiya kukonza okha zinthu zawo, aliyense amathamangira kwa iwe kudzaneneza mnzake, ndipo amene wagonja pa mlandu amakabwezera iwe kulibe.

Koma za Mtsinje usadikire. Ukadzamvanso, lankhula pomwepo, mwachidule, osakuwa: "Dzina limenelo m'nyumba muno ayi." Usafunse kuti wayamba ndani, usatsegule bwalo la milandu alendo ali pomwepo, chifukwa kutero nkukulitsa manyazi a wamng'onoyo. Mutenge iyeyo poyamba, mukayanike bulangetelo limodzi ngati ntchito wamba, umuuze kuti ana ambiri a msinkhu wake zimawachitikira ndipo zimatha. Zimenezo nzoona. Kukodza pogona pa zaka 6 si zachilendo, sachitira dala, ndipo kumuchititsa manyazi sikuchiza. Kungoti ngati anali atasiya kwa miyezi 6 kapena kuposa kenaka nkuyambiranso, kapena akumva kuwawa pokodza, kapena akumwa madzi kwambiri modabwitsa, upite naye kuchipatala akamuone.

Wamkuluyo ulankhule naye pa awiri, tsiku lomwelo, mtima utatsika. Usayambe ndi "Ndiwe wankhanza", chifukwa adzangodziteteza kuti amangocheza, ndipo mwina akunena zoona, kwa iye kunali kucheza. Mufunse zimene anaona. "Unamutchula dzina lija, iye anatani? Anaseka ngati mmene amasekera mlongo wako? Anakubwezera?" Mnyamata uja ndi wanzeru, ayankha yekha. Kenaka umuuze malire momveka: zimene munthu sangathe kusintha ndipo zimamupweteka sitiseka, zinsinsi za m'nyumba sitiulula kwa anzathu, ndipo wina akati "siya" timasiya nthawi yomweyo, ngakhale ife tikuona kuti nzosekesa. Lamulo la "siya" limeneli likhale la onse atatu, ngakhalenso iwe ndi amuna ako. Ndinawamva bambo awo akumutcha mtsikanayo "Kadyankena" ndipo iye sanaseke. Uwauze mwaulemu, ana amatengera zimene akuona.

Usamukakamize kupepesa pamaso pa onse. "Pepa" wotuluka m'mano okukuta wamng'onoyo amamuzindikira, ndipo samuchiritsa. Mupatse mpata apeze yekha njira, kaya kumuitana kukasewera, kaya kuwauza anzake aja kuti dzinalo latha. Akabwereza utamuchenjeza, pamenepo chilango chikhalepo, chaching'ono koma chosaphonya, monga kutaya masewera a tsikulo. Kumumenya ayi. Ukamenya wamkulu chifukwa cha wamng'ono, umamuphunzitsa kuti wamphamvu ndiye amapweteka wofooka, ndipo mkwiyowo ukatsikira pa kamwana komweko usiku.

Mtsikanayo usamuiwale. Sanatchule dzinalo, koma anaseka, ndipo kuseka kwake ndiko kunasandutsa nkhaniyo kukhala awiri pa mmodzi. Umuuze kuti akangosiya kuseka, theka la mphamvu ya mchimwene wake latha.

Pali china chimene ndikufuna uganizire pawekha. Mwana amene wayamba kuluma mng'ono wake kawirikawiri amakhala ndi chake chomuwawa. Ndinaona kuti chilichonse chikalakwika umati, "Iwe ndiwe wamkulu, ukanadziwa." Ndinaonanso kuti wamng'onoyo akalira umathamanga, koma wamkuluyo atakuonetsa zimene analemba kusukulu unati uona pambuyo pake, ndipo sunaone. Mwinanso iye akusekedwa ndi anzake, nkumadzatsitsira kunyumba. Mupatule nthawi yake yekha, ngakhale mphindi 15 pa tsiku, osakamba za milandu. Nthawi zina dzina lachipongwe limafa lokha wamkulu akaona kuti malo ake sanalandidwe.

Pakatha masabata awiri uyang'ane zotsatira, ndipo uziyang'ane pa wamng'onoyo. Kodi wayambiranso kusewera panja? Kodi amalowa m'chipinda mkulu wake ali momwemo, kapena amaima pakhomo? Akugona bwino, akudya bwino? Ukaona kuti akumuopa, akubisa mabala, kapena akunena yekha mawu onga "ine ndine wopusa", usawasiye awiriwiri, ndipo ufunefune thandizo kwa mlangizi wa ana kapena kuchipatala. Koma ukadzamva tsiku lina iye akuti kwa mkulu wake, "Chimutu iwe," wamkuluyo nkuseka, usamudzudzule. Undiimbire foni undiuze.

Upereke moni kwa amuna ako ndi kwa adzukulu anga onse atatu. Wamng'onoyo umuuze kuti chithunzi chimene anandijambulira ndachipachika pakhoma.

Ndine mayi ako.