Ndalama zakwana gadiyani mmodzi yekha, apite ndani ku Indiya?

Okondedwa Alangizi,

Ndine namwino wopuma pantchito, ndipo ndalemba m'malo mwa banja lathu. Mwana wa mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 24, ali ndi valavu ya mtima yomwe inawonongeka ndi matenda aja amayamba ndi zilonda zapakhosi munthu akadali mwana. Madokotala anena kuti valavuyo ichotsedwe aikepo ina, ndipo chipatala china cha ku Chennai m'dziko la Indiya chavomera kumulandira. Zamapepala tazilondola ndithu. Chomwe chatimanga ndi chakuti ndalama zomwe tasonkha zikukwana wodwala ndi gadiyani mmodzi yekha, pomwe oyenera kupita alipo awiri: mayi ake ndi mlongo wake wamwamuna.

Ndiyambe ndi zomwe takonza kuti muone pomwe tili. Chipatala chakunja sichipereka mtengo chisanaone mtimawo. Lipoti lolembedwa la eko, komwe ndi kujambula mtima ndi makina, silikwana, chifukwa dokotala wa opaleshoni amafuna kuonera yekha kanema wosonyeza momwe valavu ikutsegukira ndi kutsekeka. Tinapempha kuti atikopere kanemayo pa sidi mu mtundu wa DICOM, womwe zipatala zimasungiramo zithunzi zoterezi, kenako tinamusunganso pa fulashi ziwiri. Ambiri amangojambula sikirini ndi foni n'kutumiza, koma chithunzi chotere dokotala sangayezerepo kanthu, ndiye wodwala amakajambulidwanso pamtengo wa uko. Tawonjezerapo kalata ya dokotala wotumiza, zotsatira za magazi, impso, shuga, HIV ndi matenda a chiwindi, komanso gulu la magazi ake. Pamndandanda wa mankhwala talemba dzina lenileni la mankhwalawo ndi mlingo wake, osati dzina la pabokosi, poti mabokosi amasiyana dziko ndi dziko. Talembaponso tsiku lomwe anabayitsa komaliza jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi. Mano tinaonetsa, ndipo limodzi lobowoka analizula. Izi anthu amazitenga ngati zopanda pake, koma tizilombo ta m'dzino lowola timatha kulowa m'magazi n'kukakhala pa valavu yatsopano, ndipo madokotala amaimitsa opaleshoni chifukwa cha dzino limodzi, uku lendi ikuwerengera.

Panatuluka vuto limodzi lomwe ena achenjere nalo. M'buku lake la kuchipatala analembedwa ndi dzina la kwa amuna ake, pomwe pasipoti ili ndi dzina la bambo ake. Tinachita kubwerera kwa dokotala kuti kalata ndi malipoti onse zifanane ndi pasipoti chilembo ndi chilembo, chifukwa kalata yoitanira ya chipatala, viza ndi tikiti zonse zimatsata pasipoti.

Kalata yoitanirayo ndi yomwe yatipanikiza. Mumalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti ya gadiyani, ndipo viza ya gadiyani imapemphedwa motsamira pa viza ya wodwala. Viza yopempha pa intaneti, yomwe patsamba lawo imalembedwa e-Medical Visa, imalola magadiyani awiri. Lamulo silikutiletsa, likutiletsa ndi thumba. Kalatayo sangaitulutse tisanatchule munthu.

Mayi ake amadziwa kudwazika. Ndi amene angamusambitse, kumupititsa kuchimbudzi, ndi kumuphikira phala pamene chakudya cha tsabola chamukana. Chipatala chatiuzanso kuti m'chipinda cha odwala angapo aakazi wogonamo usiku ayenera kukhala mkazi, ndipo mwamuna amaloledwa m'chipinda cha munthu mmodzi chokha, chomwe mtengo wake ndi wokwera. Koma mayiwa amayankhula Chitumbuka ndi Chichewa basi, sanakwereko ndege, ndipo amamwa mankhwala a bipi. Masiku awiri kapena atatu oyamba wodwala amakhala m'chipinda cha odwala kwambiri, mwina atagonekedwa ndi mankhwala. Nthawi imeneyo gadiyani ndiye amaitanidwa kukasaina, kukalipira ndi kukamva zomwe dokotala wapeza. Adzamvana bwanji?

Mlongo wake ndi mphunzitsi, Chingerezi amachidziwa, ndalama amazisamala, ndipo atha kupereka magazi ngati chipatala chitapempha wachibale kubweza omwe agwiritsidwa ntchito. Koma kusukulu amupatsa masabata atatu okha. Tikawerengera, masiku atatu kapena anayi ndi oyezedwa, sabata imodzi kapena masiku khumi ndi a m'chipatala, kenako pafupifupi masabata awiri ndi okhala pafupi mpaka dokotala alembe kalata yoti atha kukwera ndege. Ndi pafupifupi mwezi pamenepo, chilonda chisanachite mafinya, madzi asanadzaze m'chifuwa. N'chifukwa chake tikufuna tikiti yotheka kusintha tsiku, ngakhale ndi yodula. Ndipo kunena zoona, mtsikana wokwatiwa sangamasuke kusambitsidwa ndi mlongo wake.

Pali nkhani inanso yomwe ine ndikuiona kuti ndiyo yaikulu. Uko adzafunsidwa kusankha valavu yachitsulo kapena yopangidwa ndi mnofu wa nyama. Yachitsulo imakhalitsa, koma munthu amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana msanga, moyo wake wonse ndi kumayezetsa magazi pafupipafupi kuti aone ngati sakuundana msanga kapena kuchedwa kwambiri. Wafarini amathanso kuvulaza mwana m'mimba. Yamnofu sifuna wafarini wa moyo wonse, koma mwa achinyamata imatha msanga, ndipo opaleshoni yachiwiri imadzafunika. Mtsikanayu alibe mwana. Amene akakhale naye pomwe akufotokozeredwa zimenezi akhale womva bwino, komanso womusiya kuti asankhe yekha. Amuna ake sangapite, ndi amene atsale akusaka ndalama, koma sitikudziwa ngati tiyambe takhala pansi ndi dokotala wa kuno kuti nkhaniyi ithere konkuno asananyamuke.

Malo ogona nawo akudikira yankho lomweli. Fupa la pachifuwa limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ndiye tikufuna chipinda chapansi kapena nyumba ya chikepe, chimbudzi chokhalira, khitchini, ndi mtunda woti gadiyani atha kuyenda wapansi kupita kuchipatala. Mwini malo akhalenso wololedwa kusunga alendo akunja, poti ku Indiya amayenera kuwalembetsa kuboma, ndipo pepalalo limadzafunika munthu akafuna kuwonjezera masiku a viza. Ngati apita mayi, tikakamizika kutenga nyumba ya alendo yomwe chipatala chatilozera, yodula koma yoyandikana ndi geti. Mlongo wake atha kukhala cha patali potsika mtengo n'kumakwera zoyendera za mumzinda. Ena atiuza kuti tilipiretu mwezi wonse kuti atichotsereko. Ine ndikukana, ndikuti tilipire sabata imodzi, zina tikaona malowo ndi maso.

Tsono tithandizeni, Alangizi. Kodi tisankhe wodziwa kusamalira kapena wodziwa kuyankhula? Ngati apita mayi, kodi n'zotheka kudalira wachibale womasulira pafoni kuchokera kuno, poti nthawi ya ku Indiya ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, kapena madokotala sangavomereze siginecha ya munthu yemwe sanamve yekha? Nanga n'kwanzeru kuti mlongo wake apite masabata atatu oyamba, mayi adzamulandire kumapeto, ngakhale tikiti yachitatu idya ndalama yomwe tinasungira zadzidzidzi? Komanso popeza ndege yochokera ku Lilongwe ikadutsira ku Addis Ababa, kodi tibayitsiretu katemera wa chikasu, yemwe khadi lake limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10, kapena wodwala mtima apemphe kalata yomupatula? Chipatala chikufuna dzina la gadiyani mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Namwino wopuma,
Chibavi, Mzuzu