Pempho la komiti ya sukulu: bajeti tadula, koma denga ndi zimbudzi zatikanika

Makolo athu, abale ndi alongo, ndi inu nonse amene munaphunzira pasukulu pano,

Landirani moni wathu. Mdadada wakale uja, umene ambiri a inu munaphunziriramo kugwira pensulo, unagwa ndi mvula yapitayi. Khoma la kumbuyo linayamba ndi mng'alu, kenako mphepo inasasula denga, usiku wina zonse zinakhala pansi. Mwayi wake munalibe mwana. Kuyambira pamenepo makalasi atatu akuphunzirira panja, ndipo kumwamba kukangoda aphunzitsi amawauza ana kuti azipita kwawo.

Makolo sanakhale manja lende. Njerwa taumba ndi kuwotcha, mchenga tatuta, miyala taphwanya. Amene anatilonjeza kuti atigwira dzanja pa zogulagula, amene sitiwatchula pano chifukwa zochepazo atipatsabe, atiuza kuti zinthu zawavuta. Tikaphatikiza zawozo ndi zimene makolo asonkha, pa magawo 10 alionse a ndalama zimene tinawerengera tatsala ndi pafupifupi 6. Tisanakupempheni kanthu, tafuna mudziwe mmene tadulira bajeti, kuti wina asadzanene kuti komiti ikupempha za manyado.

Pulani yoyamba inali yokongola: zipinda zitatu zophunziriramo, ofesi ya aphunzitsi, zimbudzi zatsopano, madesiki, mawindo agalasi, penti, magetsi, mpanda ndi geti, chikwangwani, komanso mwambo wotsegulira. Maganizo amene anabwera msanga pamsonkhano anali akuti tichotse mofanana pa chilichonse, kuti pasakhale wodandaula. Mmisiri wathu anakana. Konkire ya lamba womanga makoma pamwamba pa mawindo amaisakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Mukachepetsa simenti kuti ndalama ikwane, lambayo amaonekabe ngati lamba, koma mphamvu alibe, ndipo zimenezi zimadziwika patapita zaka, tsiku limene khoma lang'ambika. Denga nalonso silidulika motero: malata akaperewera ndiye kuti chipinda chikudontha basi. Kudula mofanana kumaika maziko ndi mwambo wotsegulira pa sikelo imodzi, pamene chimodzi tingachisiye osataya kanthu, chinacho tikachichepetsa tataya zonse.

Choncho tinayamba ndi kugwirizana cholinga, m'chiganizo chimodzi chokha: mwana aliyense aphunzire maola ake onse m'chipinda chosadontha ndi chosagwa, mvula isanabwerenso. Chiganizochi chinatitengera nthawi kuposa mmene mungaganizire. Ena ankafuna tiwonjezere kuti sukulu ioneke bwino ngati za anzathu, ena kuti aphunzitsi akhale ndi pokhala paulemu. Zonsezo ndi zoona, koma cholinga chikakhala ndi mitu itatu chilichonse chimapeza pobisala, ndipo palibe chimene chimadulidwa. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Titatero, ntchito iliyonse tinaifunsa mafunso atatu. Tikaichotsa, chiganizo chija chikhalabe choona? Tingadzaiwonjezere mtsogolo osagumula zimene tamanga? Nanga kuichedwetsa kudzatidyera ndalama zambiri kuposa kuichita lero? Imene yalephera funso loyamba inapita m'gulu la zosakhudzidwa. Imene ingadikire popanda kuwononga kanthu inapita m'gulu lachiwiri. Imene ngakhale itapanda kuchitika mpaka kalekale mwana sangaphonye phunziro inapita m'gulu lachitatu, ndipo kumeneko ndi kumene kunagwera mwambo wotsegulira, chikwangwani, geti ndi penti ya kunja. Pa izi sitinakanganepo kwambiri.

M'kati mwa magulumo tinasanja poyerekeza ziwiriziwiri: pakati pa ichi ndi icho, ndalama itakwana chimodzi, titenga chiti? Njirayi ndi yabwino chifukwa munthu sangayankhe kuti zonse, koma ndi yotopetsa, pakuti zinthu 12 zimabala mafunso 66. Ilinso ndi msampha wake. Anthu amasankha zimene amaziona ndi maso. Mpanda unakwera pamwamba kwambiri, pamene waya womangira denga ku khoma unatsikira pansi penipeni, chonsecho chimodzi mwa zimene zinabweretsa tsoka lathu ndi denga losamangirira bwino. Apa tinagwirizana kuti pa nkhani ya kulimba kwa nyumba mavoti asagwire ntchito, mawu a mmisiri ndiwo akhale omaliza.

Tikhalepo pang'ono pa tinthu tosaonekati, chifukwa bajeti ikamadulidwa ndito timayamba kusowa, wina osazindikira. Pali pepala lapulasitiki loyala pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Pali mankhwala a chiswe othira m'maziko ndi opaka matabwa a denga. Pali waya uja, amene amayenera kulowa m'lamba wa konkire nthawi yothira, osati kudzakolekedwa pambuyo. Pali madzi othirira konkire kwa masiku osachepera 7 kuti ilimbe. Tonseti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi malata kapena simenti, koma tikangophonya nthawi yake sitingabwezeretsedwe popanda kugumula. Momwemonso mapaipi odutsamo mawaya a magetsi: magetsi enieniwo tawasiya m'gulu lachiwiri, koma mapaipiwo tiikiratu tisanapake pulasitala, kuti tisadzaswe khoma latsopano. Tinapezanso kuti ntchito zina zimaoneka zazing'ono koma zanyamula zinzake. Ndalama ya galimoto yotuta katundu ena ankaiona ngati yongowononga, koma popanda iyo malata ogulidwa kale sangafike pamalopo.

Panalinso kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi, gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zomangira. Ambiri anakaloza koyamba, amvekere kameneka sikagula kanthu. Takasiya. Mitengo ya zipangizo imasintha ntchito ili m'kati, njerwa zina zimasweka, ndipo bajeti yodulidwa kale ilibe pena potapa. Popanda kameneka, vuto laling'ono likhoza kuimitsa ntchito makoma ali pamtunda.

Titaphatikiza zosakhudzidwa zokhazokha, zinapitirirabe ndalama imene tili nayo. Apa ndi pamene panawawa. Ena anati timange makoma a zipinda zonse zitatu, denga tidzaona kutsogolo, mwina anthu akaona makoma adzamva chisoni. Tinakana. Makoma opanda denga saphunzitsa mwana ngakhale mmodzi, amangomwa mvula, ndipo ndalama yonse imakhala yagona m'chinthu chosagwira ntchito. Tasankha kuchepetsa kukula kwa ntchito osati kulimba kwake: zipinda ziwiri zomalizidwa bwino, kalasi yachitatu izilowa masana anzawo akaweruka. Aphunzitsi avomera, ngakhale zikuwawonjezera ntchito, ndipo ofesi yawo aipereka okha ku gulu lachiwiri. Khoma la kumapeto timanga moti chipinda chachitatu chidzalumikizike mosavuta.

Zina sitinazichotse koma tazisinthira ku zotsika mtengo. M'malo mwa mawindo agalasi tiika zidina zoboola zolowetsa mpweya ndi kuwala. Kunja sitipaka pulasitala, tingokonza mizere ya pakati pa njerwa, koma khonde la denga tilisiya lotalika kuti mvula isamamenye khoma.

Mkangano waukulu unali pakati pa zimbudzi ndi madesiki. Abambo ambiri anaima pa madesiki, ndipo tikuwamvetsa: n'zochititsa manyazi kumanga chipinda chatsopano ana n'kumakhala pansi. Amayi a m'komiti ndiwo anatibweza ku chiganizo chathu. Mwana wokhala pansi amaphunzirabe maola ake onse, ngakhale movutika. Mtsikana wamkulu amene alibe chimbudzi chotsekeka amapita kwawo nthawi yopuma osabweranso, ndipo masiku ena a mwezi sabwera n'komwe. Komanso zimbudzi zakale zatsala pang'ono kudzadza, ndipo sukulu yopanda zimbudzi nyengo ya mvula ikhoza kutsekedwa chifukwa cha matenda. Madesiki tingamagule pang'onopang'ono, lero asanu, mawa khumi. Dzenje la chimbudzi liyenera kukumbidwa ndi kumangidwa nthaka isananyowe. Zimbudzi zinakwera, madesiki anatsika kukhala oyamba m'gulu lachiwiri. Ena mpaka lero sanakondwe nazo.

Mndandanda wathu tsopano uli ndi mzere pamene ndalama yathera. Pamwamba pa mzerewo pali maziko, makoma, lamba, matabwa a denga, zitseko ndi malata a chipinda chimodzi. Pansi pake penipeni, zimene tikulephera kuzifikira, pali malata a chipinda chachiwiri, simenti ya pansi, ndi zimbudzi. Kutsika kuposa apa sitingathe, chifukwa chilichonse chimene tingachotsenso chipangitsa chiganizo chija kukhala bodza. Tikupempha pa zitatu zimenezi.

Tili ndi pempho lina, ndipo mutikhululukire polinena poyera. Mmodzi mwa ana athu amene zinthu zikuwayendera anatitumizira uthenga kuti ali wokonzeka kugula geti, bola palembedwe dzina lake. Tathokoza mtima wakewo. Koma geti ili m'gulu lachitatu, ndipo ingadzaime yokha kutsogolo kwa chipinda chopanda denga. Mphatso yomangiriridwa ku chinthu chimodzi imasokoneza mndandanda wonse, chifukwa sitingaisunthire pamene pakuwawa. Ngati mungathe, perekani osatchula chogula, ife tiyambira pamzere kutsika m'munsi motsatana. Ngati mukufuna kugula katundu nokha, tifunseni kaye chimene chili pamzere sabata imeneyo. Makamaka simenti musatumize nthawi yake isanakwane, pakuti ikakhalitsa miyezi yoposa itatu imayamba kuchepa mphamvu, ndipo ikakhala pa chinyezi imauma m'matumba momwemo.

Tikudziwa kuti kumene muliko nanunso muli ndi zokuvutani. Komabe amene asenza njerwa mpaka pano ambiri ndi agogo ndi amayi amene sanafike n'komwe kalasi yomaliza pasukulu pano, pamene ena amene sukuluyi inawatsegulira njira sitinawamve ngakhale moni. Mwina uthenga sunakupezeni. Tsopano wakupezani. Pakati panu pali amisiri, akalipentala, owerengera ndalama ndi odziwa zomangamanga. Amene alibe ndalama atithandize kuunikanso mndandandawu, ndipo ngati pena tasanja molakwika atiuze tisanathire konkire.

Mndandanda wonse uli ndi aphunzitsi aakulu komanso wapampando wa komiti, ndipo aliyense wofuna kuuona auona. Malata tiyenera kukhala titakhoma mvula yoyamba isanagwe, dzenje la zimbudzi liyenera kuyamba kukumbidwa mwezi uno. Njira yofikira kuno mukuidziwa.

Ife anu,
Komiti ya sukulu, m'malo mwa makolo ndi aphunzitsi