Kagule kope, usadalire mutu

Aise,

Voisi yako yodandaula za nkhanza za supavaiza wako kumeneko ku Joni ndamvera kawiri, ndipo ndikumva ngati ndi ine ndemwe zaka zija ndili ku sitolo ya katundu ku Limbe. Supavaiza wamtundu umenewo ndimamudziwa, amakukalipira pagulu koma bwana wamkulu akabwera iye ndi mngelo. Ndiye usanakwiye n'kusiya ntchito, kagule kope. Lahadikava lija losokedwa, osati lawaya loti munthu angang'ambe peji osadziwika. Ulembe manambala pamapeji onse kuyambira 1 ndipo uzigwiritsa ntchito bolopeni.

Ndikukuuza chonchi chifukwa ine ulendo woyamba kukadandaula ndinachita manyazi. Ndinalowa muofesi ya oona za antchito mtima uli m'mwamba, nkumati bambo uja amandizunza tsiku ndi tsiku. Mayi aja anangofunsa modekha kuti liti, ananena chani, analipo ndani. Ine kukamwa yasa. Ndinkakumbuka kupweteka kwake koma masiku anali atasakanikirana, za Febuluwale ndikuziika mu Malichi, ndipo pomwe supavaiza anadzati tsiku limenelo ndinali pa holide, nkhani yonse inagwera pompo ngakhale zinthuzo zinachitikadi.

Ndinayamba kulemba sabata yomweyo, koma poyamba ndinkalembanso zolakwika. Peji yanga yoyamba inali yakuti: "Lero wandinyozanso galu ameneyu, amadana nane chifukwa ndine wanzeru kumposa." Mtima unaphwa inde, koma zimenezo sungazionetse munthu, muli kutukwana ndi kuganizira za mumtima mwa wina, za chomwe chinachitika mulibe. Mkulu wina wa yuniyoni ndi amene anandikonza, ndipo kuchokera pamenepo ndinkalemba chonchi (ndakopera mukope mwenimwenimo, ndangochotsa mayina):

"Lachiwiri, 14 Malichi 2023, cha m'ma 10:20 m'mawa, pakhomo lotsitsira katundu. Ndinkawerenga makatoni. Supavaiza anabwera n'kundilanda pepala la sitoko m'manja, ananena mokweza kuti 'iwe ndiwe mbuzi, sukulu unapitira kukadya phala'. Analipo dalaivala wa lole ndi anzanga awiri a shifiti yam'mawa. Ndinayankha kuti 'bwana sindinamalize kuwerenga'. Anataya pepalalo pansi n'kuchoka. Masana sindinadye, mutu unandipweteka mpaka kuweruka. Ndalemba lero lomwe, 7:40 madzulo, kunyumba."

Waona kusiyana kwake? Mawu ake ndawalemba momwe anatulukira, ngakhale ndi onyansa, osawakongoletsa komanso osawonjezera mchere. Akalankhula m'Chingerezi kapena m'Chizulu lemba m'chilankhulo chomwecho kenako tanthauzo pambali. Ngati sukukumbuka bwino mawu enieni, nena choncho, lemba kuti ananena mawu ofanana ndi akuti. Zomwe iwe unayankha uzilembenso, olo tsiku lomwe nawe unapsa mtima n'kubweza, chifukwa iye akadzazitchula iwe utazibisa kope lonse lidzaoneka labodza. Ndipo nthawi ziwirizo, ya chochitika ndi yomwe walemba, ndi zofunika zonse. Cholembedwa tsiku lomwelo chimalemera kuposa cholembedwa patatha miyezi itatu mlandu utayamba kale.

Zakale zomwe wandiuza mu voisi zija, za Disembala ndi za tsiku lomwe anakuchotsa pa rosita, usazilembe ngati unalemba nthawi yomweyo, chonde. Tsegula peji yake, pamwamba ulembe deti ya lero ndi kuti izi ndikukumbukira. Deti ukaiiwala lemba kuti sabata yachiwiri ya Disembala, kapena uifufuze mu foni, mwina usiku umenewo unanditumizira meseji yodandaula ndiye deti ili pompo. Ukalakwitsa china usafute ndi tipekisi kapena kung'amba, ingodula mzere umodzi kuti mawu akale aziwerengekabe, ulembe zolondola ndi deti yomwe wakonza.

Pali china chomwe ine ndinachizindikira mochedwa. Zokalipa ndi zosavuta kulemba, koma nkhanza zambiri za masupavaiza ndi zachinunu: kukuchotsera ovataimu, kukusintha shifiti usiku popanda kukuuza, kukupatsa ntchito ya anthu awiri kenako kalata ya chenjezo kuti ndiwe waulesi. Chimodzichimodzi paokha zimaoneka ngati nkhani yaing'ono moti ukazinena anthu amati ukukokomeza. Mu kope langa zinadzaoneka poyera nditaika madeti pamzere: ndinadandaula pa 20 Malichi, pa 22 dzina langa linasowa pa ovataimu, pa 27 chenjezo loyamba pa zaka zinayi zomwe ndinagwira pamenepo. Sindinafunikenso kunena kuti akundibwezera, madetiwo ananena okha. Ndiye rosita ikatuluka ijambule, mapeyisilipu sunga onse, mameseji ake panga sikirinishoti yooneka deti ndi nambala yake asanadilite, ukapita ku kiliniki chifukwa cha kusagona kapena mutu sunga pepala la adokotala. Mu kope ungolemba kuti onani chithunzi cha tsiku lakuti. Koma mapepala a makasitomala kapena zinsinsi za kampani usatenge, angakuchotsere chomwecho n'kuiwalitsa nkhani yako.

Kopelo lisapite kuntchito. Mu loka ayi, pa kompyuta ya kampani ayi, imelo ya kampani ndiye usayese n'komwe, tsiku lomwe akuimitsa ntchito amatseka zonse usanafike pageti. Kuntchito ungolemba mawu awiri atatu mu foni yako pa buleki kuti usaiwale nthawi, zonse ukalembe kunyumba. Lamlungu lililonse jambula mapeji a sabatayo udzitumizire pa imelo yakoyako, kapena unditumizire ine, kuti kope likasowa kapena likanyowa zikhalepo, komanso deti ya imeloyo imachitira umboni kuti sunapeke dzulo. Ndipo usamalengeze kuti ndikumulemba ameneyu. Anzathu a kuntchito ndi abwino koma aliyense ali ndi lendi yoti alipire, mboni zanga ziwiri zija mmodzi anadzati sanamve kanthu. Mayina awo alembe ndithu, kungoti usawerengere kuti onse adzaima nawe.

Madetiwa alinso ndi ntchito ina kumeneko. Ku CCMA, bungwe la ku Joni loona milandu ya antchito ndi mabwana awo, kuli malire a nthawi: akakuchotsa ntchito uli ndi masiku 30 okha oti ukasume, ngati ndi zinthu monga chenjezo kapena kuimitsidwa mopanda chilungamo ndi masiku 90, pomwe za tsankho ndi miyezi 6. Mawu aja unati amakunena chifukwa ndiwe mlendo, amenewo uwalembe ndendende nthawi iliyonse, chifukwa angaike nkhani yako ku mbali ya tsankho. Kwathu kuno ndi miyezi itatu yokadandaula ku leba munthu akachotsedwa. Amawerenga kuchokera pa tsiku la chochitika, ndiye wopanda deti amangozindikira nthawi yatha.

Ukadzakadandaula kwa mabwana usakapereke kope lenilenilo. Sankha zochitika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomveka bwino, uzilembe papepala limodzi motsatana madeti, upange fotokope, yako akusainire kuti alandira. Akakana kusaina, kalembe mu kope kuti ndinapereka kwa uje nthawi yakuti ndipo anakana. Zimenenso adzakuyankhe pamitingi ulembe madzulo ake omwewo.

Kuno mvula yayamba, amayi ako ndinawaona kutchalitchi ali bwino, za nkhaniyi sindinawauze. Unditumizire peji yoyamba Lamlungu ndione ngati sunatukwanemo.

Ndine mnzako uja wa ku Bangwe.