Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: bondi ya maphunziro m'kalata ya ntchito

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munanditumiza ku msonkhano wa nthumwi za ogwira ntchito kuti ndikamve za bondi, popeza achinyamata athu okonza makina a m'zipatala akumapatsidwa makalata a ntchito okhala ndi ndime yoti ukasiya ntchito nthawi isanakwane, ubweze ndalama zomwe kampani inakuphunzitsira. Nkhani zinali zingapo, za penshoni ndi za ovataimu, koma pano ndilemba za bondi yokha.

Amene anatsogolera zokambirana ndi mayi wina, loya wa milandu ya pantchito. Poyamba penipeni anatichotsa maganizo omwe ambirife tinapita nawo, oti bondi ndi yosaloledwa. Anati bwana amene walipira sukulu yeniyeni ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti umugwirire ntchito kwa kanthawi, ndipo ukasaina, umenewo ndi mgwirizano womwe angapite nawo kukhoti. Chomwe tiyenera kulimbana nacho ndi kalembedwe ka ndimeyo, ndipo nthawi yake ndi pamene usanasaine, kampani ikadakufuna.

Anatigawira pepala lachitsanzo, lopanda dzina la kampani, ndipo tinaliwerengera limodzi. Munthu walembedwa ntchito pa K600,000 pamwezi. Atumizidwa ku Joni kukaphunzira makina a ekisire kwa miyezi inayi. Ndime ikuti akachoka zaka zitatu zisanathe, abweza K6,000,000. Mayiyo anatifunsa kuti ndalamayi yachokera kuti, ndipo tinangoyang'anana, chifukwa pa pepalapo panalibe tsatanetsatane. Atatembenuza tsamba, zinaoneka kuti fizi inali K2,400,000, ndege ndi malo ogona K1,200,000, ndipo K2,400,000 yotsalayo inali malipiro a munthuyo a miyezi inayi ija. Apa ndi pomwe m'holo munabuka phokoso. Mkulu wina wochokera ku Mzuzu anaima nkufunsa ngati munthu wotumidwa ndi bwana wake amasiya kukhala wantchito akakwera ndege. Ine ndikugwirizana naye kwathunthu. Sukuluyo sunadzisankhire, wakutuma ndi mwini makina kuti makina ake azigwira ntchito, ndiye malipiro ako asasanduke ngongole. Loya uja anati makampani ena amaumirira kuikamo malipiro, makamaka ngati wapita kusukulu yaitali yomwe unapempha wekha, koma pa kosi yaifupi yotumidwa uli ndi poimira pokana. Malipiro akachotsedwa, bondi ija imatsika kufika pa K3,600,000.

Kenako tinaona ngati ngongoleyo imachepa pamene ukugwira ntchito. Pa pepala lija sinkachepa. Wochoka atagwira miyezi iwiri ndi wochoka kutatsala sabata imodzi kuti zaka zitatu zikwane, onse abweza chimodzimodzi. Kalembedwe koyenera ndi koti ndalamayo igawidwe pa miyezi yonse ya bondi, mwezi uliwonse umene wagwira nkumachotsa gawo lake. Zaka zitatu ndi miyezi 36, ndiye K3,600,000 ikutanthauza K100,000 pamwezi. Munthu wathu akapeza ntchito ina atagwira miyezi 24, kwatsala miyezi 12, abweza K1,200,000 basi. Pa kalembedwe koyamba kaja akanabweza K6,000,000, kasanu kuposa pamenepa, pomwe kampani yapindula kale ndi luso lake zaka ziwiri zathunthu. Muonenso tsiku lomwe miyezi imayambira kuwerengedwa. Ngati alemba kuti iyamba ukalandira setifiketi, ndipo setifiketiyo yachedwa theka la chaka, miyezi imeneyo wagwira koma siiwerengedwa.

Pali china chomwe chikutikhudza kwambiri ifeyo chifukwa makosi athu ambiri ndi akunja: bondi yolembedwa m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Amene anasaina bondi ya madola 3,000 anagona ali ndi ngongole ya K3,540,000 nkudzuka ili K5,100,000, malipiro ake ali pomwepo. Ngati kampani inalipira sukulu m'madola, pemphani kuti ndalamayo ilembedwe m'makwacha malinga ndi mtengo wa tsiku lomwe inalipidwa, ndipo malisiti aphatikizidwe ku mgwirizanowo.

Chomwe chinandidetsa nkhawa koposa ndi mawu onena za kutha kwa ntchito. Pepala lija linkati ubweza ntchito ikatha pa chifukwa chilichonse. Munthu ukamawerenga mothamanga umaganiza kuti akunena za iwe wosiya wekha, koma mawu amenewo akuphatikiza kuchotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, kudwala mpaka kulephera ntchito, ngakhale kusapambana pa nthawi yoyesedwa, yomwe Lamulo la Ntchito la 2000 limalola kuti ifike miyezi 12 kwa anthu aluso. Ndiye kuti bwana atha kukuuza kuti ntchito yatha, nkukupatsanso kalata ya ngongole tsiku lomwelo. Ndime yabwino imanena poyera kuti ubweza ukasiya mwa kufuna kwako, kapena ukachotsedwa chifukwa cha mlandu waukulu womwe unapatsidwa mpata wodziteteza. Mayi wina wa ku Zomba anafunsa za munthu amene wasiya chifukwa miyezi ikudutsa osalipidwa. Yankho linali lakuti gawo 60 la lamulo lomweli limatenga munthu amene wasiya chifukwa khalidwe la bwana lafika posapiririka ngati wochita kuchotsedwa, ndipo angathe kukadandaula ku ofesi ya leba kapena kukhoti loweruza milandu ya pantchito. Koma milandu imatenga nthawi, ndipo mpaka itaweruzidwa kampani imakhala ikukulondola. Nkwabwino kuti zilembedwe mu bondi momwemo kuti malipiro akapanda kuperekedwa, bondi yatha mphamvu.

Za kabwezedwe tinangodutsamo, nthawi inali itatha. Pepala lija linkafuna ndalama yonse pasanathe masiku 30 ndipo linkapatsa kampani chilolezo chodula pa malipiro omaliza ndi ndalama za tchuthi. Tinalangizidwa kupempha kubweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, popanda chiwongola dzanja. Pansi pake panali malo oti asaine m'bale wako. Ambiri timatengera malume kapena achemwali athu poganiza kuti ndi mboni chabe, pomwe mawu ake akuti ukalephera kubweza, alipira iwowo. Musasainitse munthu pamenepo musanamuwerengere ndi kumuuza kuchuluka kwa ndalama.

Pali chimodzi chomwe sitinagwirizane. Nthumwi zina zimati wachinyamata amene wakhala pakhomo zaka ziwiri akusaka ntchito sangayambe kukangana ndi bwana kalata ili m'manja, angangomuuza kuti pakhomo pali ena akudikira. Mantha amenewa ndi oona, ndipo ndawaona pa ana athu omwe. Koma kupempha masiku ochepa kuti ukawerenge kunyumba, komanso kufunsa tsatanetsatane wa ndalama, si mkangano. Kampani yokana kukuonetsa fizi ya sukulu yomwe ikuti ubweze, kapena yotcha maphunziro masabata oyamba omwe mnzako akungokuonetsa ntchito pamalopo, yadzionetsa yokha kuti chomwe ikufuna nkukumanga miyendo.

Pempho langa ku komiti nlakuti tisankhe anthu awiri oti aziwerenga kalata ya membala aliyense asanasaine, ndiponso kuti amene muli kale pa bondi mubweretse makope anu pa msonkhano wathu wotsatira, mutafufuta mayina. Ndidzabwera ndi pepala lachitsanzo lija kuti tidzawerengere aliyense miyezi yomwe yamutsalira ndi ndalama yomwe angafunsidwe atachoka lero.

Ine nthumwi yanu.