Kalata kwa mnzanga ku Chitipa: za mwana wosaona pabwalo la mpira

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako ndinailandira Lachiwiri. Kuno tonse tili bwino, ngakhale fumbi la mwezi uno latipatsa chifuwa. Ndamva zoti m'kalasi mwako mwabwera mnyamata wosaona, ndipo ikakwana nthawi ya mpira umamusiya pansi pa mtengo kuti asunge nsapato za anzake. Sindikudzudzula, chifukwa inenso ndinalakwitsa, mwina kuposa iweyo. Wosaona wa m'kalasi mwanga ndinamuika pagolo. Ndinkati pamenepo sathamanga, ndiye sapweteka. Mpira woyamba unamumenya pakamwa, mlomo n'kutupa, ndipo anatha masabata atatu osabwera kubwalo. Ndikakumbukira mpaka lero mtima umandiwawa. Pambuyo pake ndinadzamva kuti pa mpira weniweni wa anthu osaona, goloboyi ndiye amakhala woona, ndipo anayi othamanga m'katimo ndi amene saona. Ndinali nditamuika pamalo amodzi okhawo amene sanayenere kukhalapo.

Mpira umenewu ulipodi. Umayendetsedwa ndi IBSA, bungwe loona za masewero a anthu osaona padziko lonse, ndipo unalowa m'masewero a Paralimpiki, mpikisano wa padziko lonse wa anthu olumala, mu 2004 ku Athens. Brazil inatenga golide kasanu kotsatizana, France n'kudzautenga mu 2024 ku Paris, ndipo kuno ku Africa Morocco inakhalapo yachitatu ku Tokyo. Bwalo la mpira umenewu ndi la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, m'mbali muli matabwa obweza mpira, ndipo mpira wake uli ndi tizitsulo m'kati tosokosera ngati maseche. Ife matabwawo tilibe, mpirawo tilibe. Chimene ndinatengako n'chimodzi: mwanayo mpira amautsata ndi khutu, ndiye chilichonse chimene ukukonza uzidzifunsa kuti kodi akumva chiyani panopa.

Ndiyambe ndi mpira. Tenga mpira wamba, uuphwetseko pang'ono kuti usamadumphe, uulowetse m'jumbo yolimba, umange pakamwa koma osathinitsa. Jumbo yothina sipanga phokoso. Yolekerera pang'ono imati tswatswatswa mpira ukamagubuduka, ndipo pa dothi louma imamveka bwino. Imang'ambika msanga, choncho uzikhala ndi zina ziwiri m'thumba. Ana anga anayesa kuika kachitini ka timiyala m'kati mwa chikulunga. Kanamveka tsiku loyamba, koma atawonjezera mapepala phokoso linatsekeka, ndiponso chikulunga sichigubuduka mowongoka. Tinabwerera ku jumbo.

Tsono pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti mpira ukhale chete: ukaima, ndi ukakhala m'malere. Kwa mwana wosaona, mpira wachete ndi mpira umene kulibe. Malamulo onse amene ndinaika pa masewero opatsirana anachokera pamenepa.

Tisanakhudze mpira, ndinayenda naye pamalo posewererapo. Ndinayeza mapazi khumi ndi awiri m'litali, asanu ndi atatu m'lifupi, n'kuyala chingwe cha sisalo pansi kuzungulira, chokhomeredwa ndi tizikhomo tolowa m'dothi kuti asapunthwe. Iye anagwira chigongono changa, osati ine kumukoka dzanja, ndipo tinazungulira kawiri akuponda chingwecho. Ndinkamuuza kuti mbali iyi ndi ya kumjigo, iyo ndi ya kumakalasi, chifukwa mjigo amaumva kulira ndipo makalasi amawamva phokoso. Anapeza yekha kadzenje kamene ine ndinali ndisanakaone. Tinakakwirira. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana khumi, koma ukazidumpha udzaona mwana ataima chilili, manja atatambasula kutsogolo, mapazi osafuna kuchoka pansi. Ameneyo si waulesi ayi, akuopa kugunda chinthu.

Kenako kupatsirana awiriawiri. Ndinamupatsa mnzake wodekha, n'kuwaimika motalikirana mapazi atatu okha. Wolandira amaima zidendene zitagundana, zala zitayang'ana kunja, kuti mapazi apange kakhola kolowamo mpira. Akakonzeka amati "kuno!" n'kuomba m'manja kamodzi. Wopereka, asanamenye, amaponda mpira n'kuugwedeza ndi phazi kawiri kuti jumbo ilire, amatchula dzina la mnzakeyo, ndiye n'kumenya ndi m'kati mwa phazi, mpira uyende pansi. Wolandira akaumva wagunda m'mapazi, amaukhazika phazi pamwamba kuti usathawe. Zikasinthana, woonayo ndiye amaitana "kuno!", osasuntha pamene waitanirapo. Ana oona amakonda kuitana ali apa, n'kusunthira apo, mpira n'kupita pamene panachokera mawu, iwo n'kumati mnzawo waphonya. Sanaphonye ayi.

Tsiku loyamba pa mipira khumi anagwira itatu. Ndinakhala pambali n'kumayang'anitsitsa kuti isanu ndi iwiri inayo ikutayika bwanji, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Inayi inafera panjira. Mnzake uja ankamumvera chisoni, ndiye ankangoukankha pang'onopang'ono. Mpira wofooka sulira mokwanira, ndipo ukaima pakati umakhala chete, mwanayo n'kumapapasa ndi phazi pamene palibe kanthu. Ndinamuuza mnzakeyo kuti amenye monga amamenyera kwa wina aliyense, bola pansi. Iwiri inadutsa kunsi kwa phazi, chifukwa ankalikweza msanga kuti auponde usanafike. Tinabwereza kuti mpira uyambe wagunda m'mapazi, kuponda kubwere pambuyo. Umodzi wotsalawo anatembenukira kumbali ina, chifukwa gulu loyandikana nalo linakuwa nthawi yomweyo. Ndinasunthira magulu enawo kutali, gulu lake n'kulipatsa ngodya ya bwalo yotalikirana ndi msewu. Lamulo langa linali lakuti akagwira isanu ndi iwiri pa khumi, tiwonjezera mapazi awiri. Pa sabata yachinayi anali pa mapazi asanu ndi awiri. Kupitirira pamenepo jumbo siimveka bwino poyambira, makamaka kukakhala mphepo, ndiye sindinakakamize.

Uonetsetsenso malankhulidwe ako. Ife tinazolowera kunena kuti "pita uko", "chita chonchi", tikuloza ndi dzanja. Iye zimenezo sizimuuza kanthu. Uziti "mapazi awiri kumanja kwako", ndipo dzina lake liyambe, kuti adziwe kuti ukunena iye. Pofuna kumuonetsa kamenyedwe, ndinamupempha kaye ngati ndingagwire phazi lake, ndiye n'kulitembenuza kuti amve mbali imene imakhudza mpira.

Kuyenda ndi mpira sikunavute kwambiri. Saukankhira kutsogolo n'kumauthamangira monga achitira anzake, koma amaugunda uku ndi uku pakati pa mapazi awiri, timasitepe ting'onoting'ono, mpira osachoka m'miyendo. Ana oona nawonso anapindula nako, moti ndimawachititsa onse.

Chovuta chinali sewero lija la anayi ozungulira ndi mmodzi pakati wolanda mpira. Apa ndi pamene anthu amagundana mitu. Pa mpira wa osaona, aliyense wopita kukalanda mpira amayenera kumanena mawu akuti "voyi", a Chisipanishi, kutanthauza kuti ndikubwera, ndipo akapanda kunena woimbira amamuimbira kuti walakwa. Ife timangoti "ndabwera, ndabwera!", mobwerezabwereza mpaka wafika, osati kamodzi kokha. Wofika mwakachetechete wataya mwayi, mpira ubwerera kwa amene anali nawo. Masabata awiri oyamba wapakatiyo ankangoyenda, osathamanga. Ndinawonjezanso kuti mnyamata wanga akauponda mpira, wolanda awerenge mokweza mpaka katatu asanayandikire. Atazolowera tinatsitsa kufika kawiri, pano tinachotseratu, ndipo ndi iye amene anapempha kuti tichotse. Mpira wodutsa bondo ndi wolakwa kwa aliyense. Ndipo kuti asamangoima anzake akupatsirana okhaokha, gulu silipeza mfundo mpaka mpira utadutsa kwa onse anayi. Sindinanene kuti udutse kwa iye yekha, chifukwa zikanamuika padera.

Nayenso amalowa pakati ikafika nthawi yake. Poyamba ndinkafuna kumudumphitsa, koma anakana. Amatsata phokoso, akuitana "ndabwera", dzanja limodzi atalipinda patsogolo pa chifuwa ngati chotchinga, ndipo ozungulirawo saloledwa kusunga mpira uli chete: amene ali nawo aziugwedeza kapena apereke.

Ena adzakuuza kuti umange nsalu kumaso kalasi yonse kuti pakhale chilungamo. Ndinayesa kamodzi ndi ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo chinangokhala chipwirikiti ndi kuseka. Ana oona sanazolowere mdima, amagundana, ndipo ena anayamba kuyerekeza kayendedwe ka mnzawo mwachipongwe. Ngati ukufuna kuti amvetse, chita awiriawiri, wina womangidwa wina womuyang'anira, ataima malo amodzi, kwa mphindi zochepa.

Kumenya pagolo ndi kumene amakonda kwambiri. Mnzake amaima kuseri kwa golo, monga amachitira wotsogolera pa mpira wa osaona, n'kugogoda mtengo wa kumanzere ndi kamwala, kenako wa kumanja, kenako n'kuima pakati n'kuitana. Penate yawo imamenyedwa pa mamita 6, ife tinayambira pa anayi. Iye amakhudza mpira ndi dzanja kuti adziwe pamene uli, amaika phazi loponda pambali pake, n'kumenya osathamangira. Pa nthawiyi aliyense amakhala chete. Tsiku limene anagoletsa koyamba sanadziwe kuti walowa, chifukwa golo lathu lilibe ukonde. Anaima n'kufunsa kuti "wapita kuti?", anzake akukuwa kale. Kuyambira pamenepo wa kuseri kwa golo amanena pompo kuti walowa, kapena waphonya kumanja ndi phazi limodzi, kuti adziwe pokonza.

Unatchulanso mtsikana wachialubino amene amaona pang'ono. Ameneyo usamuchitire zofanana ndi mnyamatayo, ndipo usamumange kumaso. Chimamuvuta kwambiri ndi kuwala. Muimike dzuwa lili kumbuyo kwake, avale chipewa chake chachikulu ndi malaya a manja aatali, ndipo ngati ndandanda ilola, kalasi yake ipite kubwalo m'mamawa. Mufunse yekha mtundu wa mpira umene amauona bwino pa dothi lanu. Muonetse iwiri kapena itatu ikugubuduka, asankhe. Anzake a m'timu yake avale zofanana zooneka patali.

Chinthu chimodzi uchite usanayambe zonsezi: ukumane ndi makolo, ufunse chimene a chipatala ananena za maso a ana awiriwa. Pali matenda ena a maso amene kugundidwa kumutu kungawononge kuona kochepa kumene kwatsala, ndiponso mwana amene wachitidwa opaleshoni posachedwa sayenera kulowa m'zolimbana. Wotereyo achite zopatsirana ndi zomenya pagolo, za kulandana ndi za mutu zidikire mawu a dokotala. Ngati m'dera lanu muli mphunzitsi amene anaphunzira za ana osaona ku Montfort ku Nguludi, muitane adzaone phunziro limodzi. Wa kuno ndi amene anandiphunzitsa zoyenda naye mwana pa chigongono.

Undilembere pakatha masabata awiri, undiuze kuti pa mipira khumi akugwira ingati, ndiponso yotayikayo ikutayika bwanji. Upereke moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kale.